Kalata ya kwa alendi pothimitsa magetsi kuti musinthe mawaya: mmene mungailembere

Pa yadi yanga ku Matero, mu Lusaka, pali makomo asanu mumdadada umodzi, onse pa mita imodzi ya ZESCO, kampani ya magetsi. Khomo loyamba, loyang'ana kumsewu, ndi la mnyamata wometa tsitsi. Khomo lachiwiri kuli agogo odwala shuga ndi mdzukulu wawo. Lachitatu ndi la amake mapasa, amene amagulitsa nkhuku zosadzula za mufiliza. Lachinayi ndi lachisanu ndi a mabanja omwe amapita kuntchito m'tauni m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa. Mawaya a mdadadawu anali akalekale, ofiira ndi akuda aja, ndipo pamene soketi ya khomo lachinayi inasungunuka n'kusiya mwaye pakhoma, ndinadziwa kuti za zigamba zatha. Kugula mawaya sikunandivute. Chinandidyera mutu ndi pepala limodzi lowuza anthu asanu kuti malaiti awo athima liti, mpaka liti, ndipo iwo achite chiyani.

Poyamba musalembe kanthu. Khalani pansi ndi mmisiri wanu wa magetsi, makamaka pamalo pomwepo, mutsegule bokosi la mabuleka lija amalitcha dibi, ndipo akuuzeni ntchito tsiku ndi tsiku. Funso lalikulu n'lakuti: ndi maola ati pamene yadi yonse iyenera kuthima, nanga ndi ati pamene khomo limodzi lokha ndilo lithime? Eni nyumba ambiri amangolemba kuti "sabata yamawa kulibe magetsi" chifukwa sanafunse funso limeneli. Kwa ife zinapezeka kuti yadi yonse iyenera kuthima kawiri kokha. Koyamba ndi tsiku losintha dibi yaikulu ndi kukoka waya wopita ku khomo lililonse, komaliza ndi maola awiri oyesa ntchito yonse. Masiku apakati mmisiri amagwira khomo limodzi kapena awiri, enawo akuyatsa monga mwa masiku onse. Kusiyana kwa "sabata yathunthu" ndi "Lolemba lonse, kenako tsiku lanu limodzi" n'kumene kumachititsa kuti mlendi akulandireni ndi mpando kapena akuyankhireni pawindo.

Funsaninso ngati ntchitoyo ikhudza mita kapena waya wochokera pa polo. Malire ake ndi omveka: kuyambira pa polo kufika pa mita ndi za ZESCO, kuchokera pa mita kulowa m'nyumba ndi zanu. Mmisiri wanu sayenera kudula chidindo cha pa mita, ngakhale atanena kuti ndi zamphindi zochepa. Ngati mita iyenera kusunthidwa, pitani kaye ku ofesi ya ZESCO, ndipo tsiku musalilembe m'kalata mpaka iwo atakupatsani lawo. Ife sitinaikhudze mita, zonse zinachitikira kuseri kwa swichi yaikulu.

Maola amene mmisiri wakuuzani muwonjezerepo. Wanga anati pofika 14 koloko adzakhala atamaliza dibi. Ine ndinalemba 17 koloko. Sikuti ndinamuyesa wabodza, koma paipi ya mawaya yokwiririka m'khoma zaka zambiri sidziwika za m'kati mwake. Mumakoka waya wakale, n'kudukira pakati, basi muyambe kugoba khoma. Magetsi akabwera 15 koloko inu mutalonjeza 17, mlendi amakuthokozani. Akabwera 15 koloko mutalonjeza 14, mwasanduka wonama.

Posankha masiku, yang'anani anthu anu, osati kalendala yokha. Loweruka ndi tsiku la ndalama kwa wometa, ndiponso ndilo tsiku limene apantchito amachapa ndi kusita, choncho ndinayamba Lolemba. Mwezi wa Juni unandithandiza chifukwa kumazizira. Mu Okutobala filiza yothima siichedwa kutaya madzi, ndipo m'nyengo ya mvula simungafune munthu ali padenga ndi mawaya. Ngati ndi nthawi imene ZESCO ikugawa magetsi mwa maola, monga zinalili mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, onani ndandanda ya dera lanu. Ntchito yambiri ingagwirike pa maola omwe malaiti apita kale, ndipo alendi sataya kanthu. Koma kuyesa komaliza kumafuna magetsi alipo, ndiye tsiku limenelo muliike pa maola omwe dera lanu likuyaka.

Musanalembe, gogodani khomo lililonse

Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kugwa m'mavuto, choncho ndichedwapo. Pali mafunso atatu amene kalata siingayankhe yokha: ndani ali ndi mankhwala kapena makina a odwala odalira magetsi, ndani amapezera chakudya pa magetsi, ndipo ndani ali ndi inveta, sola kapena jenereta.

Funso lachitatulo ine ndinalifunsa mongodutsa, ndili pakhomo. Bambo a khomo lachisanu anati ali ndi "kabatire ka TV basi". Lolemba m'mawa mmisiri anagwetsa swichi yaikulu, n'kuikapo loko, kiyi m'thumba. Asanagwire waya anaika choyesera chake monga amachitira nthawi zonse, ndipo chinawerenga mavoti oposa 200 pa mzere womwe tinati wafa. Anabwerera m'mbuyo osanena kanthu, n'kundionetsa ndi chala. Titatsegula khomo lachisanu tinapeza inveta pansi pa tebulo, fani yake ikulira pang'onopang'ono, ndipo kuchokera pa iyo panali waya wokhala ndi pulagi mbali zonse ziwiri, ina italowa mu soketi ya pakhoma. Mwini wake anazolowera kuchita zimenezi nthawi ya kuthimathima kuti nyumba yonse iziyaka, ndipo m'mawa umenewo anailumikiza ponyamuka kuti filiji isathime.

Chimene chimachitika n'chakuti waya sasankha kolowera. Inveta kapena jenereta ikalumikizidwa mu soketi, mavoti 230 aja amabwerera m'mbuyo, kudutsa pa buleka ya khomolo mpaka mu dibi, pomwe pali manja a munthu. Swichi yaikulu imangodula mbali ya ZESCO. Za mbali ya alendi siizidziwa. N'chifukwa chake funsoli musamalifunse pakamwa pokha. Pemphani kuti muone ndi maso, muli ndi mmisiri, ndipo m'kalata mulilembe poyera. Inveta yoima payokha, imene TV ndi foni zimalumikizidwa pa iyo mwachindunji osakhudza khoma, ilibe vuto, ndipo muzinena zimenezo kuti anthu asabise poopa kuti muwalanda.

Za agogo zinali zosavuta. Mankhwala awo obaya amakhala mufiliji, ndiye tinagwirizana kuti Lolembalo mdzukulu awaike m'kabokosi kosunga kuzizira, botolo la madzi oundana litakulungidwa m'kansalu kuti lisagundane ndi mankhwalawo, pakuti mankhwala amenewa akaundana awonongeka. Khomo lawo tinaliika loyamba Lachiwiri m'mawa kuti lithe msanga.

Amake mapasa anandifunsa mosapsatira. "Alandilodi, nkhuku zanga zikaola mundilipira ndinu?" Yankho labwino linali manambala. Filiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga zinthu zili zoundana pafupifupi maola 48. Yodzaza theka, pafupifupi maola 24. Filiji wamba ndiye yofooka, maola anayi okha chitseko chili chotseka. Kuthima kwathu kotalikitsa kunali maola 9, ndiye filiza inalibe mantha malinga asamatsegule. Ndinawauza kuti mipata yotsala adzazemo mabotolo a madzi kutatsala masiku awiri, ndi kuti makasitomala a Lolemba awauziretu abwere madzulo. Za filiza ndi filiji ndinazilembanso m'kalata, chifukwa zolankhula pakhomo zimaiwalika nkhuku ikayamba kufewa.

Kalatayo

Kalata ikhale tsamba limodzi. Tsiku ndi maola zikhale pamwamba penipeni, chifukwa ambiri amawerenga mizere itatu yoyamba basi. Tsiku mulilembe ndi dzina ndi deti lomwe, osati "mawa" kapena "sabata yamawa", pakuti pepala limakhala pachitseko masiku ambiri. Maola muwalembe mmene timawerengera kuno, 08:00 ndi 17:00, kuti pasakhale wofunsa ngati ndi m'mawa kapena madzulo. Chifukwa cha ntchitoyo chinenedwe m'chiganizo chimodzi choona. Musaopseze anthu kuti nyumba ikanapsa, komanso musabise kuti mawaya atha. Yanga inali motere:

Kwa nonse okhala pa yadi ino, makomo 1 mpaka 5.

Magetsi adzathima pa yadi yonse Lolemba pa 9 Juni kuyambira 08:00 mpaka 17:00, ndiponso Lachisanu pa 13 Juni kuyambira 10:00 mpaka 12:00. Tikusintha mawaya onse ndi bokosi la mabuleka chifukwa akalewa ayamba kupsa, monga munaonera pa khomo 4.

Masiku apakati adzathima khomo limene amisiri akugwirapo lokha, kuyambira 08:00 mpaka 17:00. Lachiwiri pa 10 Juni: khomo 2 m'mawa, khomo 1 masana. Lachitatu pa 11 Juni: khomo 3. Lachinayi pa 12 Juni: makomo 4 ndi 5. Usiku uliwonse magetsi adzakhalapo.

Tsiku la khomo lanu amisiri adzalowa m'zipinda zonse. Pakhale munthu wamkulu, kapena mundisiyire kiyi ndipo ndidzakhalapo ndekha mpaka atatuluka. Sunthani katundu amene watchinga masoketi, ndipo phimbani zofunda ndi chakudya chifukwa padzakhala fumbi.

Ikamakwana 08:00 zulani pakhoma TV, filiji, chitofu cha pulagi, ayironi ndi matchaja. Magetsi angabwere nthawi iliyonse poyesa, choncho waya aliyense mumuone ngati wamoyo. Ana asayandikire. Musakweze buleka iliyonse, ngakhale mutaona kuti kwa anzanu kwayaka.

Amene muli ndi inveta, sola kapena jenereta, musailumikize ku soketi kapena ku mawaya a nyumba sabata yonseyi. Ingaphe mmisiri. Ndiuzeni pofika Lachisanu pa 6 Juni kuti tidzaione limodzi.

Pampu ya madzi sidzagwira ntchito Lolemba. Thanki tidzadzaza Lamlungu madzulo, koma tungiranitu. Filiza yosatsegulidwa idzasunga zinthu tsiku lonselo; filiji imasunga maola anayi okha.

Ntchitoyi ndikulipira ndine, lendi sikwera chifukwa cha iyo. Mayuniti amene ali mu mita satha magetsi akathima. Tsiku likasintha ndidzakuuzani pa gulu lathu la WhatsApp ndi pakhomo. Amene tsiku lake silikumuyenera andiuze pofika pa 2 Juni.

Pansi pake ndinaika dzina langa, nambala ya foni, ndi deti limene ndinalemba.

Mawu ena m'kalatamu amaoneka ngati ongowonjezera, koma aliyense ali ndi chifukwa. "Usiku uliwonse magetsi adzakhalapo" ndi lonjezo limene muyenera kugwirizana ndi mmisiri musanalilembe, chifukwa limatanthauza kuti tsiku lililonse ayenera kusiya ntchito pamalo poti angayatse bwinobwino, popanda waya wolendewera. Ngati sangathe, lembani zoona, kuti khomo lakutilakuti ligona mumdima usiku umodzi, anthu agule makandulo ndi makala a pa mbaula. Zoti magetsi angabwere nthawi iliyonse n'zofunika chifukwa munthu akauzidwa kuti kulibe magetsi mpaka 17:00 amamasuka, mwina n'kuyamba kukonza yekha soketi yake yogwedera. Ndipo zoti musakweze buleka ndinazilemba chifukwa pa yadi ya mita imodzi aliyense anazolowera kuti malaiti akathima amathamangira ku bokosi. Loko wa pa swichi ndi amene amateteza kwenikweni, koma kalata imachotsa mkangano wakuti "sindinadziwe".

Nkhani ya ndalama musaizembe. Mlendi akaona makoyilo a mawaya atsopano akutsika m'galimoto, chimene chimamubwerera m'mutu ndi lendi ya mwezi wamawa. Ngati simukweza, nenani. Ngati mukufuna kukweza, imeneyo ndi kalata ina ya tsiku lina, yotsata zimene munasainirana. Mukaziphatikiza, palibe amene adzakutsegulireni chitseko mokondwa. Wometa uja ndinakambirana naye payekha. Makina ake ndi a batire, ndiye anangowatchaja usiku, koma Lachiwiri masana shopu inali yotseka chifukwa cha fumbi. Lendi yake ndi K900 pamwezi; kugawa ndi masiku 30 ikukwana K30 patsiku, ndipo ndinamuchotsera masiku awiri, K60. Ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi imene amapeza pometa, iye anadziwa ndipo ine ndinadziwa, koma anaona kuti ndawerengera. Zoterezi sizilowa m'kalata ya onse, monganso matenda a agogo sanalowemo. Kalata imamatidwa poonekera, ndipo wodutsa aliyense amawerenga.

Kupereka kwake

Ine ndinapereka kutatsala masiku 14. Onani kaye pangano lanu la lendi ngati linatchula masiku odziwitsa musanalowe m'nyumba ya mlendi, ndipo musachepetse pamenepo. Masabata awiri amapatsa mpata wa pantchito kupempha tsiku, ndi wa filiza kuchepetsa katundu woti aode. Khomo lililonse lilandire pepala lake m'manja mwa munthu wamkulu, osati mwana wosewera panja, ndipo wolandira asaine pa pepala lanu lotsala. Lina mumate pa geti kapena pa mpopi, pomwe aliyense amafika. Chithunzi chake mutumize pa WhatsApp, koma musadalire pamenepo pokha. Mabandulo amatha, ndipo agogo foni yawo ndi ya mabatani. Kwa iwo ndinakhala pa mpando n'kuwawerengera. Atamva za kiyi anati, "Mwanawe, ine sindichoka, adzandipeza pompano," nkhani n'kutha. Ngati pa yadi pali ena amene Chinyanja chowerenga chimawavuta, lembani Chingerezi kuseri kwa pepala lomwelo, koma madeti ndi maola muwafananize kawiri.

Kumbutsani kutatsala masiku atatu, kenako usiku wake ndi uthenga wa mzere umodzi. Usiku womwewo onani mayuniti mu mita, ndipo ngati achepa gulani n'kulowetsa manambala 20 aja zisanathime. Zimachititsa manyazi mmisiri kukweza swichi madzulo, osayaka, anthu n'kuyamba kumunena, chonsecho mita ili pa ziro.

Zinthu zikasintha, uzani anthu nthawi yolonjezedwa isanakwane. Lachitatu pa khomo 3 paipi ya kukhitchini inapezeka yophwanyika m'khoma, ndipo pofika 14:00 tinadziwa kuti waya wa chitofu, wokhuthala uja, sulowa tsiku limenelo. Ndinawaimbira amake mapasa nthawi yomweyo: magetsi ndi masoketi ziyaka 17:00 monga tinanenera, filiza iyaka, koma chitofu mpaka mawa. Anadandaula pang'ono n'kutuma mwana makala. Ndikanadikira kuti adzazione okha atabandika poto, ikanakhala nkhani ina.

Pali ndime imodzi imene ndinaiiwala m'kalata yoyamba, ndipo inu muiikemo. Dibi yatsopano imabwera ndi buleka yoteteza anthu, ija amisiri amati efi likeji, imene imagwa ikangomva kuti magetsi pang'ono chabe, mamiliampu 30, akuthawira kumene sayenera. Bokosi lakale linalibe. Choncho chitofu chimene mbale yake inang'aluka, ketulo yodontha, kapena ayironi ya waya wophikika, zimene zakhala zikugwira ntchito zaka zonsezi, tsopano zizigwetsa magetsi. Mlendi adzanena kuti mawaya atsopano ndi oipa. Muuzeni pasadakhale kuti zikatero azule zonse pakhoma, buleka ikwezedwe, kenako azilumikiza chimodzichimodzi. Chimene chagwetsa ndicho chodwala. Kwa ife chinali chitofu cha mbale ziwiri cha khomo 4. Ngati ikugwabe zonse zitazulidwa, pamenepo vuto lili m'mawaya, ndipo ndi la mmisiri wanu.

Lachisanu, ntchito itayesedwa, ndinalemba kachidziwitso kachiwiri ka mizere yochepa: ntchito yatha, buleka ya khomo lililonse yalembedwa nambala, ndipo aliyense andiimbire nthawi yomweyo akamva fungo la pulasitiki yopsa, akaona soketi ikutentha, mababu akuwala kwambiri kenako n'kuzilala okha, kapena mpopi ukamugwira dzanzi. Kuwala ndi kuzilala kumeneko nthawi zambiri ndi waya wobweza magetsi, uja amati nyutulo, wosamangidwa bwino, ndipo pa nyumba zolandira mizere itatu ya magetsi, imene amati mafezi atatu, kumaotcha ma TV, ndiye si koyembekezera Lolemba. Ndinasunga gawo lomaliza la malipiro a mmisiri kwa masiku 7 monga tinapanganirana poyamba, ndipo m'masiku amenewo anabwera kamodzi, kudzamanga swichi ya kubafa ya khomo 2 imene anaiika chadodolido.